Mukachotsa mifuwuliro ndi tizithunzi mu uthenga wa bizinesi, muikepo chiyani?

Inu bambo ndi mayi amene mukuchita kabizinesi ka pabanja, tatengani foni yanu mutsegule uthenga womaliza umene mudatumiza kwa munthu amene mumachita naye malonda. Sindikunena mlamu wanu kapena mnzanu wa kumpira ayi, koma munthu wa kunja kwa banja ndi kunja kwa bizinesi yanu: wogula katundu kuhotela ya m'tauni, mwini holoselo ku Limbe, kalaliki wa fakitale ya ku Makata kapena ku Chirimba. Tawerengani mifuwuliro imene ili mu uthengawo, ija timaika kumapeto kwa mawu ofuula (!). Muwerengenso tizithunzi tija amati emoji, ndi mawu a m'tauni monga "bho", "shapu" ndi "amwene". Mukapeza zopitirira ziwiri, nkhani ya sabata ino ndi yanu.

Ambiri adamva kale kuti zinthu zimenezi sizifunika mu uthenga wa bizinesi, ndipo amangofufuta. Vuto ndi loti kufufuta kokha kumasiya uthenga wouma ngati chikonyo, ndipo nthawi zina wosamveka kuposa poyamba. Mfuwuliro uja, kachithunzi kaja ndi liwu la m'tauni lija zinali ndi ntchito imene zimagwira. Mukazichotsa muyenera kufunsa kuti zimagwira ntchito yanji, kenaka ntchito yomweyo muipereke kwa mawu enieni, tsiku lenileni kapena nambala yeniyeni.

Tiyeni tiyerekeze ndi banja lina la ku Machinjiri limene limaweta nkhuku za mazira. Mitengo ndi masiku ndikutchula panowa ndi zongoyerekeza. Banjali lidapereka mathireyi 40 a mazira kumalo ena ogona alendo ku Namiwawa pa 3 Okotobala, thireyi imodzi pa K12,000, kutanthauza kuti zonse ndi K480,000. Adagwirizana kuti malipiro adzabwera pakatha masiku 30. Lafika tsiku la 10 Novembala kuli zii, chakudya cha nkhuku chikutha m'nyumba, ndipo bambo atapsa mtima alemba motere kwa mayi amene amaona zogulagula kumaloko:

"Bigi bho? Dola ija bwanji!!! Ndi hafu mita paja amwene, tiponyereni fasiti plz!!! 🙏🙏😂"

Kwa bamboyu uthengawu ndi womveka, ndipo akuona ngati walankhula mwamphamvu koma mwansangala. Koma taganizani za mayi amene akuulandira. Iyeyo sasunga ndalama. Ntchito yake ndi kutenga uthengawo n'kuutumiza ku ofesi ya za chuma, kumene kuli munthu wina amene sadaonepo nkhope ya bamboyu, ndipo patebulo pake pali mulu wa mainivoisi a anthu operekera nyama, ndiwo zamasamba, makala ndi sopo. Munthu ameneyu akaona "dola ija" ayambira pati? Palibe dzina la bizinesi, palibe nambala ya inivoisi, palibe tsiku. Mayi uja angachitenso manyazi kuutumiza kwa abwana ake uthenga woti "bigi bho", ndiye angousiya kuti adzauona mawa. Mawalo ndiye sabata ziwiri.

Tiyambe ndi mifuwuliro, imene mu uthengawu ilipo isanu ndi umodzi. Ntchito yake inali kunena kuti nkhaniyi ndi yachangu. Koma mfuwuliro sunena kuti changucho ndi cha liti, ndipo wowerenga amangomva kuti akukalipiridwa. Pakamwa munthu utha kukweza mawu uku ukumwetulira, mnzako n'kudziwa kuti palibe udani. Pa foni kumwetulirako sikuoneka, chimatsala ndi kukweza mawu kokha. Tsono m'malo mwa mfuwuliro ikanipo zinthu ziwiri: tsiku limene mukufuna chinthucho chichitike, ndi chifukwa chake m'mawu ochepa. "Chonde mutilipire pofika Lachisanu pa 14 Novembala, chifukwa tikuyenera kuoda chakudya cha nkhuku Loweruka." Chiganizo chimenechi chikuthera ndi mpumiro wamba, koma chili ndi mphamvu kuposa mifuwuliro khumi, pakuti chapereka tsiku loti munthu alembe pa kalendala, ndipo Lachisanulo likadutsa muli ndi poyambira pomufunsanso.

Onaninso kuti bamboyu adafunsa funso, "dola ija bwanji", koma adalitseka ndi mifuwuliro m'malo mwa mfunsiro. Funso lotsekedwa ndi mfuwuliro silikhalanso funso, limasanduka chidzudzulo. Ngati mukufunadi yankho, ikani mfunsiro umodzi, ndipo funsolo likhale loti munthu angathe kuliyankha: "Kodi inivoisiyi idafika ku ofesi ya za chuma?" Apa mayi uja atha kuyankha kuti inde kapena ayi, ndipo inu mudziwa pamene pakugona nkhani. Mfunsiro itatu yondondozana ndi mfuwuliro womwewo wangovala malaya ena, ndipo kulemba mawu onse m'zilembo zikuluzikulu nakonso ndi kufuula.

Tibwere ku mawu a m'tauni, pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono. Chichewa cha m'tauni si chonyansa ayi. Ndi chinenero chamoyo chimene chimabadwa m'maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre, ku Ndirande, ku Bangwe ndi m'masukulu, moti akatswiri a zinenero akhala akuchifufuza. Pulofesa Francis Moto adalembapo za icho m'chaka cha 2001, n'kuchitcha chinenero chatsopano cha Malawi. Chovuta chake pa malonda ndi choti mawu ake ndi otambasuka ngati legeni. Taonani "hafu mita". Mita ndi miliyoni, ndiye hafu mita ndi K500,000. Koma ngongole yeniyeni ndi K480,000. Bamboyu wangozunguliza nambala monga timachitira pocheza, osazindikira kuti walemba ndi dzanja lake ndalama yosiyana ndi imene ili pa inivoisi. Wa za chuma wosamala akaona manambala awiri osiyana salipira, amayamba wafunsa, ndipo kufunsako ndi masiku ena atatu. Wina angaganizenso kuti mukufuna kumuba K20,000 mochenjera.

Chimodzimodzi ndi "fasiti". Kwa woweta nkhuku fasiti ndi lero dzuwa lisanalowe. Kwa ofesi imene imalipira anthu kamodzi pa sabata kapena kumapeto kwa mwezi, fasiti ndi ulendo wotsatira wa malipiro. Nonse awiri mutha kugwirizana kuti zichitika fasiti, aliyense ali ndi tsiku lake m'mutu. "Tiponyereni" nayenso sakunena kuti aponye kuti: ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba? Pa nambala ya bambo kapena ya mayi? Liwu lililonse la m'tauni lokhudza ndalama, nthawi kapena kuchuluka kwa katundu lilowedwe m'malo ndi nambala yolembedwa yonse, monga K480,000, mathireyi 40, 10 koloko m'mawa.

Mawu ena a m'tauni sakhudza ndalama koma ulemu. "Bigi", "amwene", "aise", "madala", onsewa ntchito yake ndi kusonyeza kuti ndife amodzi, tisaopane. Koma chibale chotere chimaperekedwa ndi mwini wake, sichilandidwa. Mayi wa zaka makumi asanu amene wakhala pa ntchito yake zaka zambiri sadakupatseni chilolezo chomutcha bigi. Ndipo inu amene mumaoda katundu m'mashopu a ku Limbe, kumene eni ake ambiri ndi a mtundu wa chimwenye, dziwani kuti pakati pa "amwene" ndi "amwenye" pali chilembo chimodzi chokha. Foni ikakukonzerani liwulo, kapena wowerengayo akaliwerenga mothamanga, mwamutchula munthu ndi mtundu wake pamene inu mumati mukumutcha mnzanu. M'malo mwa zonsezi ikani chimene makolo adatisiyira: bambo kapena mayi, kutsatana ndi dzina la bambo wawo, ndipo muziti "inu" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati dzina simukulidziwa, "Bambo" kapena "Mayi" payekha akwanira. Moni wake akhale wathunthu, "Mwadzuka bwanji" kapena "Mwaswera bwanji", osati "bho". Mawu odulidwa monga plz, zkm ndi kkkk alembedwe onse kapena achoke. "Chonde" ndi "zikomo" satenga nthawi kulemba.

Tsopano tizithunzi. Bambo uja adaika manja awiri ophatikizana kawiri, ndi nkhope yoseka mpaka misozi. Manja ophatikizana ena amawamva ngati "chonde", ena ngati "zikomo", ena ngati pemphero. Pa uthenga wofunsa ngongole, amakuonetsani ngati mukupempha chithandizo pamene mukufunsa ndalama yanu imene mudaigwirira ntchito. Nkhope yosekayo ndiye yoononga kwambiri. Bamboyu adaiika pofuna kufewetsa ukali wa mifuwuliro ija, koma wowerenga amva kuti nkhaniyi ndi yocheza, munthuyu sadavutike kwenikweni, atha kudikira. Ndiye uthenga umodzi womwewo ukukalipa, ukupempha ndiponso ukuseka. Wolandira asankha yekha chimene chamukomera, ndipo kawirikawiri amasankha kusekako.

Ntchito yofewetsa ija iperekeni kwa chiganizo chimodzi cha ulemu chimene chili choona, monga kuthokoza kuti amakugulani. Uthenga uja ukakonzedwa uoneka motere:

"Mwadzuka bwanji Mayi Uje. Ndine Uje wa ku Machinjiri, amene timakuperekerani mazira. Ndikukumbutsako za inivoisi nambala 27 ya K480,000, ya mathireyi 40 amene tidapereka pa 3 Okotobala. Malingana ndi mgwirizano wathu wa masiku 30, imayenera kulipidwa pofika pa 2 Novembala. Chonde mutilipire pofika Lachisanu pa 14 Novembala ku akaunti ya ku banki imene ili pa inivoisiyo, chifukwa tikuyenera kuoda chakudya cha nkhuku Loweruka. Ngati pali chimene chikusowa kumbali yathu, tidziwitseni lero kuti tikonze. Zikomo chifukwa chopitiriza kutigula."

Utalikirapo, inde. Koma mayi uja atha kuutumiza kwa wa za chuma momwe uliri osasintha kanthu, ndipo wa za chumayo apeza pepala lanu mu mphindi imodzi. Palibe pamene mwagwada, palibenso pamene mwatukwana. Chiganizo chija choti "ngati pali chimene chikusowa" musachione ngati ulemu chabe. Nthawi zambiri malipiro amaima chifukwa kapepala kosainira polandira katundu kadasowa, kapena nambala ya oda siidalembedwe pa inivoisi, ndipo palibe amene amakuuzani mpaka mutafunsa.

Ena akamva malangizo otere amapitirira muyeso. Amayamba ndi ndime yonse yofunsa za moyo wa ana ndi mvula ya kumudzi, n'kupepesa katatu chifukwa chosokoneza, kenaka "ndagwira mwendo wanu bwana". Kumeneko ndi kubwezeretsa manja ophatikizana aja m'mawu. Moni umodzi, nkhani, pempho lokhala ndi tsiku, kuthokoza, basi. Enanso amafufuta zonse n'kutsala ndi "Ndalama ija." kapena "Chabwino." Mawu amodzi otsekedwa ndi mpumiro pa WhatsApp amamveka ngati munthu wakwiya ndipo watseka chitseko. Ngati mukuvomera, nenani chimene mukuvomera: "Chabwino, tibweretsa Lachiwiri m'mawa."

Izi zikutifikitsa pa kachithunzi kamene ndimakaopa kuposa tonse, ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Tiyerekeze kuti malipiro aja abwera, ndipo mayi wa ku Namiwawa uja walembanso kuti: "Mungatibweretsere mathireyi 60 Lolemba pa mtengo womwe uja?" Foni ili ndi mayi wa pakhomo, ali pa mzere kuchipatala ndi mwana, ndiye angodina 👍 kutanthauza kuti ndaona, tikambirana ndikafika kunyumba. Kumalo ogona alendo kuja awerenga kuti oda yavomerezedwa, mathireyi 60, Lolemba, pa K12,000, ndipo asiya kufunsa kwa ena. Chonsecho nkhuku za banjali sizingakwanitse mathireyi 60 pofika Lolemba, ndipo chakudya chakwera mtengo moti K12,000 sikuthekanso. Lolemba likafika, wina ndi wabodza.

Musaganize kuti ndi nkhani yongopeka. M'dziko la Canada, m'chigawo cha Saskatchewan, kampani yogula mbewu ya South West Terminal idatumizira mlimi wina chithunzi cha mgwirizano pa foni m'mwezi wa Malichi 2021, wogula matani opitirira 80 a mbewu yotchedwa fulakisi, n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo adayankha ndi chala choloza m'mwamba. Nthawi yopereka mbewuyo itakwana mu Novembala, mtengo udali utakwera kwambiri ndipo mlimiyo sadapereke. Kukhoti iye adati chalacho chimangotanthauza kuti uthenga waulandira, osati wavomera. Mu Juni 2023 khoti lidagamula kuti chalacho chidali kuvomera, n'kulamula kuti kampani ya mlimiyo ilipire madola a ku Canada opitirira 82,000. Khoti la apilo la m'chigawocho lidagwirizana ndi chigamulochi mu Disembala 2024.

Chofunika kumvetsa pa mlanduwu ndi chifukwa chake. Woweruza sadanene kuti chala chilichonse ndi siginecha. Adayang'ana mmene anthu awiriwa ankachitira malonda m'mbuyomo, n'kupeza kuti mlimiyo ankavomera migwirizano ina ndi mawu afupiafupi pa foni ndipo ankaperekadi mbewu. Ndiye chala chija chidawerengedwa mofanana ndi mayankho akalewo. Chigamulo cha ku Canada sichimanga makhoti a kuno, koma dziwani kuti dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limavomereza kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta sungakanidwe mphamvu ya lamulo chifukwa chongoti sudalembedwe pa pepala. Ndipo ngakhale nkhani isafike kukhoti, kasitomala amene wadikira mazira Lolemba osawaona sabweranso.

Tsono chala chija chilowedwe m'malo ndi chimodzi mwa ziganizo zitatu, malinga ndi chimene mukutanthauza. Ngati mwangoona: "Uthenga wanu ndaulandira, ndikuyankhani pofika 4 koloko madzulo ano." Ngati mukuvomera, bwerezani zonse: "Inde, tibweretsa mathireyi 60 Lolemba pa 24 Novembala, pa K12,000 thireyi imodzi." Ngati mukuvomera mbali ina yokha: "Tingakwanitse mathireyi 35 Lolemba, koma mtengo tsopano ndi K13,000. Tiuzeni ngati tibweretse." Chimodzimodzinso iwo akakuyankhani inu ndi chala kapena ndi "shapu", musanyamule katundu kukakwera naye minibasi. Lembani kuti: "Zikomo. Kuti titsimikize, mwavomera mathireyi 35 pa K13,000?" Safunsa adadya phula.

Palinso zifukwa za foni yeniyeniyo. Tizithunzi sitioneka mofanana pa mafoni onse. Nkhope imene kwa inu ikumwetulira, pa foni ya mtundu wina itha kuoneka ngati yokukuta mano. Pa foni ya mabatani, imene madalaivala ndi osunga katundu m'magodauni ambiri amagwiritsa ntchito, kachithunzi kawirikawiri kamafika ngati kabokosi kopanda kanthu kapena mfunsiro. Ngati yankho lanu lonse linali kachithunziko, mwatumiza mphepo. Ndipo pa SMS wamba, uthenga umodzi umalowa zilembo 160, koma mukangoikamo kachithunzi kamodzi malirewo amatsika kufika pa 70, moti uthenga womwewo umagawika pawiri kapena patatu ndipo mayunitsi amapita owirikiza.

Mwina mukufunsa kuti nanga ngati kasitomalayo ndiye amayamba kutumiza tizithunzi ndi "bho"? Zimachitika, makamaka mukagwira ntchito limodzi chaka chathunthu. Pamenepo simukuyenera kuuma ngati kalata ya ku boma. Lolani iye atsogole, inu muzitsatira pambuyo pang'ono: akakufunirani Khirisimasi yabwino ndi kankhope komwetulira, kumubwezera kamodzi si mlandu. Koma uthenga uliwonse umene muli mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku, dandaulo kapena kupepesa ukhale wa mawu okhaokha. Kupepesa kokhala ndi nkhope yolira kumaoneka kwachibwana. Kupepesa kwa bizinesi ndi kunena chimene chalakwika ndi tsiku limene mukonze. Kumbukiraninso kuti munthu amene mumaseka nayeyo atha kusiya ntchito mwezi wamawa, foni ya kampani n'kupita kwa wina amene adzawerenga zonse zimene mudalemba. Ngati mnzanu wa malondayo ali ku Joni, ku Tete kapena ku Dar es Salaam ndipo mumalemberana m'Chingerezi, lamulo ndi lomweli, ndipo mawu athu a m'tauni kumeneko ndiye sawamva n'komwe.

Kwa inu apabanja, vuto lina ndi loti foni ya bizinesi ndi imodzi koma olemba ndi awiri kapena atatu. M'mawa alemba mayi mwaulemu, masana bambo ndi "amwene", madzulo mwana wa Fomu 3 amene mwamutuma kuti "tawayankha anthuwo" aika timitima ndi timoto. Wolandira amadabwa kuti akuchita malonda ndi yani. Khalani pansi mugwirizane moni wake, dzina limene bizinesi izidziwika nalo, ndi amene ali ndi mphamvu yovomera mtengo. Makolo amene mumadalira ana kukulemberani chifukwa maso kapena zala zikuvuta, musangomupatsa foni. Muuzeni mawu oti alembe, ndipo asanatumize akuwerengereni mokweza, kuphatikizapo zizindikiro zonse. Kuwerenga mokweza kumagwira zambiri: pamene pali kachithunzi wowerenga amakakamira, chifukwa alibe mawu oti atchule, ndipo pomwe wakakamirapo ndi pamene pakufunika chiganizo. Uthenga wofunsa ngongole, makamaka wolembedwa mtima uli m'mwamba, auone kaye mnzanu wa pabanja musanautumize.

Nanga ngati watumizidwa kale? Kuyambira mu 2023 WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15 chiutumizireni. Mumadina uthengawo kwa kanthawi n'kusankha Edit, koma wolandira amaona chizindikiro choti wakonzedwa. Izi n'zothandiza pochotsa mifuwuliro kapena kukonza moni. Koma ngati cholakwikacho chikukhudza ndalama kapena kuvomera oda, musakonze mwakachetechete ndipo musafufute, chifukwa mwina munthuyo wawerenga kale ndipo kufufutako kudzaoneka ngati mukubisa umboni. Tumizani uthenga wina pansi pake nthawi yomweyo, asanayambe kukonzekera Lolemba lake: "Mayi Uje, chala chimene ndatumiza chija chimangotanthauza kuti uthenga wanu ndauona. Sindinavomere odayi. Ndikuyankhani za kuchuluka kwa mathireyi ndi mtengo wake pofika 4 koloko madzulo ano."